Kalembedwe ka uthenga wothokoza umene suiwalika msanga: tsiku, chochitika ndi chotulukapo

Munthu amene ali pa ntchito mu Lusaka muno, ndipo ali ndi abale ku Mtendere, ku Matero kapena kumudzi ku Katete, amalandira mauthenga othokoza ambiri mwezi ukatha. Ambiri mwa mauthengawo amafanana ngati nyemba za m'thumba limodzi: "Zikomo kwambiri amalume, Mulungu akudalitseni ndipo abwezeretse pomwe mwachotsa." Mawu amenewa ndi aulemu, ndipo palibe chifukwa chowasiyira. Vuto lake ndi lakuti pakapita miyezi itatu, wolandirayo sangathenso kusiyanitsa uthenga wa mphwake ndi wa mlamu wake, chifukwa mawu omwewo akanatha kulembedwa ndi munthu wina aliyense, pothokoza chinthu china chilichonse, m'chaka china chilichonse. Uthenga umene umakhalitsa m'mutu ndi uja umene ukunena tsiku lenileni, chimene munthuyo anachita, ndi chimene chinatsatirapo. Apa ndifotokoza chifukwa chake, kenako nditsatira uthenga umodzi kuchokera pa kusonkhanitsa mfundo mpaka pa kuutumiza.

Mu 1972 katswiri wa za maganizo, Endel Tulving, anasiyanitsa mitundu iwiri ya kukumbukira. Mtundu woyamba ndi wa zinthu zimene timangozidziwa popanda kukumbukira pamene tinaziphunzira, monga kuti msewu wopita ku Chipata umadutsa pa mlatho wa Luangwa. Mtundu wachiwiri ndi wa zochitika zimene tinalipo ife eni, zimene zili ndi nthawi yake ndi malo ake, monga tsiku limene basi imene tinakwera inafera pafupi ndi mlathowo dzuwa likuswa mtengo. Uthenga wakuti "mumatithandiza nthawi zonse" umagwera mu mtundu woyamba. Umangowonjezera pa chinthu chimene wolandirayo akuchidziwa kale, chakuti iye amathandiza abale, ndipo umasungunukamo monga mchere m'ndiwo. Koma uthenga wotchula chochitika chimodzi umadzutsa mtundu wachiwiri: munthuyo amaonanso malo aja, nkhope zija, ngakhale nsapato zimene anavala, ndipo mawu anu othokoza amamatirira pa chithunzi chimene chinali kale m'mutu mwake. Tsiku lina akadzadutsa pa malo aja, chithunzicho chikadzabwera, uthenga wanu udzabwera nacho limodzi.

Makolo athu zimenezi amazichita kale pa maliro. Chipepeso chikamalengezedwa, wamkulu wa mwambo sanena kuti "anthu ambiri atithandiza" n'kukhala pansi. Amatchula mudzi, mpingo kapena banja, ndi chimene abweretsa, kaya ndi ufa, nkhuku, nkhuni kapena ndalama zakutizakuti. Chifukwa cha kutchula mwatsatanetsatane kumeneku, anthu amakumbukira patapita zaka kuti pa maliro a agogo ndani anabweretsa thumba la chimanga.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Mtendere amene mayi ake amagulitsa tomato ku msika wa Soweto. Kumayambiriro kwa 2024 matenda a kolera anavuta kwambiri mu Lusaka, bwalo la masewera la Heroes linasandutsidwa malo othandizira odwala, ndipo sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa mu Januwale zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Malonda a mayiwo anali atalowa pansi, ndipo mtsikanayo ankalowa Giredi 12 alibe nsapato, yunifolomu yake itang'ambika. Amalume ake a ku Chilenje anabwera masiku ochepa sukulu zisanatsegulidwe, namutenga kupita naye mu tauni kukagula zofunikazo. Chaka chinatha, mayeso analembedwa, zotsatira zatuluka ndipo wakhoza. Tsopano akufuna kuwalembera amalumewo, ndipo chimene chayamba kubwera m'mutu mwake ndi ichi: "Amalume, zikomo kwambiri pa zonse zimene mwandichitira. Mawu andithera. Mulungu yekha ndiye adzakubwezereni." Tiyeni tione mmene angaukonzere.

Choyamba: sankhani chochitika chimodzi

Ntchito yoyamba, cholembera chisanagwiridwe, ndi kusankha. Amalumewo mwina achita zinthu makumi awiri m'zaka zisanu, ndipo mtima umafuna kuzitchula zonse poopa kuoneka wosayamika. Koma mawu akuti "zonse" alibe chithunzi, ndipo mndandanda wautali wa zinthu umawerengeka ngati kaundula wa ngongole. Sankhani chimodzi chimene mungachifotokoze ngati nkhani, chokhala ndi poyambira ndi pothera. Mukakhala ndi ziwiri zolimbirana, tengani chimene wothandizayo anafikapo yekha ndi miyendo yake, osati chimene anangotumiza ndalama pa foni, chifukwa chimene munthu anachiona ndi maso amachikumbukira bwino kusiyana ndi manambala amene anadina ali pa ntchito. Pa chitsanzo chathuchi, mtsikanayo asiye za ndalama za basi zimene amalume ankatumiza nthawi ndi nthawi, atenge tsiku limene anayenda nawo m'misika.

Chachiwiri: pezani tsiku lenileni, ndipo mulimangirire pa chizindikiro

Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya, ndipo m'pofunika kukhalitsapo. Pali chinthu chodabwitsa chokhudza masiku: tsiku pa lokha, lolembedwa m'manambala, ndi chikumbutso chofooka kwambiri. Katswiri wa ku Netherlands, Willem Wagenaar, analemba zochitika za moyo wake pafupifupi 2,400 kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pa chilichonse ankalemba zinthu zinayi: ndani analipo, chinachitika n'chiyani, kuti, ndipo liti. Pambuyo pake ankadziyesa potenga chimodzi mwa zinayizo n'kuona ngati angakumbukire zotsalazo. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 1986, zinaonetsa kuti "chinachitika n'chiyani" ndicho chinkamukumbutsa bwino koposa, pamene "liti" pa lokha sichinkamuthandiza kwenikweni. Koma akaphatikiza ziwiri kapena zitatu, kukumbukira kunkakwera kwambiri.

Choncho kulemba kuti "pa 9 Febuluwale 2024" basi sikudzawakumbutsa amalumewo kanthu. Nanga tsikulo timalilemberanji? Lili ndi ntchito zitatu. Yoyamba, limalekanitsa chochitikachi ndi zina zofanana nacho, pakuti amalumewo anagulirapo ana ambiri nsapato, ndipo popanda nthawi maulendo onsewo amasakanikirana n'kukhala ulendo umodzi wosaoneka bwino. Yachiwiri, ndi umboni wakuti wolembayo anasunga nkhaniyo mumtima, chifukwa palibe amene amasunga tsiku la chinthu chimene anachiona chopepuka. Yachitatu, limalola wolandirayo kuyeza mtunda wa pakati pa thandizo lake ndi chotulukapo, n'kuona kuti chimene anabzala mu Febuluwale chinakololedwa patatha pafupifupi chaka.

Kuti tsiku ligwire ntchito zimenezi, limafunika kumangiriridwa pa chizindikiro chimene nonse awiri mukuchidziwa. Anthu sitisunga nthawi m'mutu monga kalendala ya pakhoma. Timaisunga potsatira zochitika zikuluzikulu: chaka cha chilala, sabata ya maliro a uje, titangobwera ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, Loweruka lotsatira chikondwerero cha ufulu cha pa 24 Okutobala. Mtsikana wathu ali ndi chizindikiro champhamvu, chifukwa palibe kholo mu Lusaka limene laiwala chaka chimene ana anakhala pakhomo mpaka Febuluwale chifukwa cha kolera. Alembe motere: "Lachisanu pa 9 Febuluwale 2024, patangotsala masiku atatu kuti sukulu zitsegulidwe itatha nyengo ija ya kolera." Manambala akupereka kulondola, ndipo chizindikirocho ndicho chikutsegula chitseko cha kukumbukira.

Tsikulo musalilote. Lifufuzeni, pakuti masiku ano foni imasunga zambiri kuposa mmene timaganizira. Uthenga wotsimikizira ndalama zotumizidwa pa foni umakhala ndi tsiku ndi ola. Chithunzi chilichonse chojambulidwa pa foni chimasunga tsiku lake. Macheza a pa WhatsApp, lisiti ya m'sitolo, khadi la kuchipatala, tikiti ya basi ya pa Intercity, kabuku ka chilimba, zonsezi zimathandiza. Mukapeza tsikulo, onani pa kalendala ngati likugwirizana ndi tsiku la sabata limene mukukumbukira, chifukwa mukalemba kuti linali Loweruka pamene amalume akudziwa kuti anachita kupempha kuchoka pa ntchito, maganizo awo adzachoka pa kuthokoza kwanu n'kuyamba kukonza cholakwacho. Mutu umanamanso m'njira yodziwika bwino: zinthu zakale zimaoneka ngati zachitika posachedwapa, kotero kuti munthu amalumbira kuti ndi chaka chatha pamene papita zaka ziwiri. Ngati mwafufuza koma tsiku silinapezeke, lembani chizindikiro chokha, monga "sabata imene sukulu zinkatsegulidwa", pakuti nthawi yoyerekeza yonenedwa moona imaposa tsiku lenileni lolakwika.

Chachitatu: fotokozani chimene munthuyo anachita, osati khalidwe lake

Mawu onga "ndinu achifundo", "ndinu a mtima wabwino", "ndinu kholo lenileni" ndi oona, koma alibe maonekedwe. Zakhala zikudziwika kwa nthawi yaitali mu kafukufuku wa za kukumbukira kuti mawu otchula zinthu zooneka ndi zogwirika amakumbukirika bwino kusiyana ndi mawu a zinthu zongoganizira, chifukwa oyambawo amasungidwa pawiri, monga mawu komanso monga chithunzi. "Nsapato zakuda" zimaoneka m'maso, pamene "chithandizo" sichioneka. Choncho lembani ndi aneni: munabwera, munandidikira, munayenda, munanenerera mtengo, munanyamula. Onjezanipo malo, ndi kanthu kamodzi kakang'ono kamene anthu awiri okha amene analipo angakadziwe.

Kanthu kakang'onoko ndi kamene kamasiyanitsa uthenga wanu ndi ena onse a m'foni ija. Chinthu chosiyana ndi zinzake pa gulu la zofanana ndicho chimatsalira m'mutu, monga mbuzi yoyera pakati pa zakuda. Kwa mtsikana wathu, kanthuko kangakhale kakuti anazungulira City Market ndi masitolo a ku Kamwala mvula ikugwa chifukwa saizi ya phazi lake inkasowa, ndipo amalume anakana kugula nsapato zothina ngakhale iye anati zilibe kanthu. Akalemba zimenezi, amalumewo adzakumbukira matope a tsikulo, mwinanso adzamwetulira ali okha.

Pa gawo lomweli m'pamene pamatchulidwa chimene wothandizayo anataya kuti athandize. Sara Algoe ndi anzake a ku yunivesite ya North Carolina anapeza mu 2016 kuti pothokoza, chimene chimamufika pamtima wothokozedwa ndi mawu olunjika pa zimene iye anachita, kuposa mawu ofotokoza phindu limene wothokozayo anapeza. Izi zikutanthauza kuti uthenga wodzaza ndi "ndasangalala, ndakhoza, ndili bwino" koma wosanena kuti "munasiya ntchito yanu tsiku lonse" umakhala wokamba za wolemba yekha. Dzifunseni kuti munthuyo anasiya chiyani: tsiku la ntchito, ndalama za lendi, tulo, ulendo wake. Tchulani chimodzi chimene mukuchidziwa motsimikiza, osawonjezera zongoganizira.

Nanga kuchuluka kwa ndalama kutchulidwe? Maganizo anga ndi akuti kawirikawiri ayi. Kulemba kuti "munandipatsa K1,200" kumasandutsa kalata kukhala lisiti, ndipo akuluakulu ena amamva ngati mukuwerengera ubale pa ndalama. Ndi bwino kutchula chimene ndalamazo zinagula: nsapato, siketi ziwiri, makope khumi. Pamene chiwerengero chili choyenera ndi pamene mukuthokoza gulu limene linasonkha, monga chigwirizano cha amayi a mpingo, anzanu a chilimba kapena a kuntchito, chifukwa kumeneko kuthokoza kumayendera limodzi ndi kuonetsa mmene ndalama za anthu zinayendera, ndipo osonkhawo amafuna kumva kuti zinafika zonse.

Chachinayi: nenani chotulukapo, ndipo muchiyeze moona

Gawo ili ndi limene wolandirayo sangalidziwe pa yekha, n'chifukwa chake ndi lamtengo wapatali kuposa ena onse. Tsiku akhoza kulipeza, chochitika analipo, koma chimene chinachitika atachoka ndinu nokha amene mungamuuze. Anthu ambiri othandiza amakhala ndi nkhani zambiri zopanda mathero: anapereka, namva zikomo, ndipo sanamvenso kanthu. Mukawauza mathero, zinthu ziwiri zimachitika m'mutu mwawo. Amalandira nkhani yatsopano, ndipo chatsopano chimakopa chidwi kuposa chimene munthu amayembekezera kale. Komanso chochitika chija chimalumikizana ndi zotsatira zake n'kukhala nkhani yathunthu, ndipo nkhani yoti ichi chinachititsa icho imasungika bwino kuposa mfundo zomwazikana. Nkhani yotere imathekanso kuisimba. Amalume sangauze akazi awo kuti "mwana uja wati zikomo" n'kupitiriza kukamba, koma angathe kunena kuti "nsapato zija tinavutika nazo mu mvula ndi zimene analowa nazo m'mayeso", ndipo nthawi iliyonse akaibwereza nkhaniyo, imakhazikika kwambiri.

Chotulukapo chabwino chimakhala ndi mbali ziwiri, chapafupi ndi chapatali. Chapafupi ndi chimene thandizolo linachititsa mwachindunji: mtsikanayo analowa m'kalasi Lolemba pa 12 Febuluwale pamodzi ndi anzake, osati patatha masabata awiri akudikira kuti mayi ake apeze ndalama. Chapatali ndi kumene zinthu zafika lero: wakhoza mayeso. Apa m'pofunika kusamala ndi kukokomeza. Akalemba kuti "popanda inu sindikanakhoza, zonse ndi inu", amalumewo adzadziwa mumtima kuti nsapato sizilemba mayeso, ndipo munthu akamva chitamando chimene sakuchikhulupirira amachikankhira pambali monga mawu a mwambo chabe. Ndi bwino kunena gawo lenileni limene thandizo linagwira: "sindinaphonye tsiku ngakhale limodzi la teremu yoyamba." Mawu amenewa ndi ochepa, koma amakhulupirika, ndipo chimene munthu wachikhulupirira ndicho amachisunga.

Zimachitika kuti chotulukapo sichabwino. Mnansi ananyamula bambo anu usiku pa galimoto yake kupita nawo kuchipatala, koma bambowo anamwalira patapita masiku anayi. Anthu ambiri zikatere amangokhala chete poganiza kuti palibe chonena, ndipo mnansiyo amatsala ndi maganizo akuti anavutika pachabe. Komatu chotulukapo chilipo, kungoti si chimene munkapempherera: bambowo sanamwalirire pakhomo opanda thandizo, ana a ku Chipata anapeza nthawi yofika n'kulankhula nawo, banja linatsanzikana nawo mwaulemu. Zimenezi zinenedwe monga mmene zilili. Mauthenga otere, mwa kuona kwanga, ndi amene anthu amawasunga zaka zambiri koposa.

Chachisanu: lumikizani zitatuzi ndi ulemu woyenera

Tsopano zidutswa zitatu zija ziikidwe pamodzi, motsatira mmene zinachitikira: moni, nthawi, chochitika, chotulukapo, kenako kuthokoza ndi dalitso. Mawu a mwambo aja sakutayidwa ayi, akungosunthidwa kuti abwere pamapeto, pamene ali ndi pokhazikika. Uthenga wa mtsikana uja ukhoza kukhala wotere:

"Amalume, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi azakhali ndi ana. Ndalemba kuti ndikukumbutseni za Lachisanu pa 9 Febuluwale 2024, patangotsala masiku atatu kuti sukulu zitsegulidwe itatha nyengo ija ya kolera. Tsiku limenelo munapempha kuchoka pa ntchito, munabwera kudzanditenga ku Mtendere, ndipo tinazungulira City Market ndi ku Kamwala mvula ikugwa kufunafuna nsapato za saizi yanga. Nditati tingogula zothina zija kuti tisanyowe, inu munakana, munati mwana sangamve za m'kalasi phazi likuwawa. Chifukwa cha zimene munachita, Lolemba lotsatira ndinalowa m'kalasi pamodzi ndi anzanga, ndipo sindinaphonye tsiku ngakhale limodzi la teremu yoyamba. Nsapato zomwezo ndi zimene ndinavala polemba mayeso onse a Giredi 12. Zotsatira zatuluka ndipo ndakhoza, choncho ndinafuna kuti mumve kuchokera kwa ine mwini. Zikomo kwambiri amalume. Mulungu abwezeretse pomwe munachotsa. Ndine mwana wanu."

Uthengawu sukufika ngakhale mawu 150, ndipo ziganizo zake zapakati zambiri mwini wake ndi "inu": munapempha, munabwera, munakana. Mukamaliza kulemba wanu, uyeseni motere. Chotsani dzina kapena ulemu wa pamwamba, n'kudzifunsa ngati mungautumize kwa munthu wina popanda kusintha liwu lililonse. Ngati zingatheke, ndiye kuti sunakwanire, ndipo mubwerere ku gawo lachitatu kukafuna kanthu kakang'ono kaja. Yeso lachiwiri ndi kuwerenga mokweza n'kudzifunsa ngati wolandirayo angathe kuusimba kwa mnzake m'ziganizo ziwiri. Akalephera, kawirikawiri chimene chikusowa ndi chotulukapo.

Pamene mukulemba, padzabwera manyazi akuti mwina amalume adzaona ngati mwachulutsa zokamba, kapena kuti chilankhulo chanu sichokoma. Amit Kumar ndi Nicholas Epley, pa kafukufuku amene anasindikiza mu 2018, anapempha anthu kulemba makalata othokoza ndi kulosera mmene olandira adzamvere, kenako anafunsa olandirawo. Olembawo anachepetsa poyerekeza chisangalalo ndi kudabwa kwa olandira, ndipo anakulitsa poyerekeza manyazi amene olandirawo adzamve. Olemba ankadera nkhawa za luso la mawu, pamene olandira ankayang'ana kwambiri mtima wa uthengawo. Manyazi amenewa ndi amene amachititsa munthu kufufuta mbali zatsatanetsatane n'kutsala ndi "zikomo pa zonse", choncho akabwera musafufute.

Chachisanu ndi chimodzi: nthawi ndi njira yotumizira

Uthenga wotere sulowa m'malo mwa zikomo wa tsiku lomwelo. Munthu akakuthandizani lero, thokozani lero, mwachidule, chifukwa kudikira chaka chonse muli chete n'kupanda ulemu. Uthenga wa tsiku, chochitika ndi chotulukapo ndi wachiwiri, ndipo nthawi yake ndi pamene chotulukapo chaoneka: zotsatira za mayeso zatuluka, wodwala wayamba kuyenda, malonda abweza mpamba. Kuchedwa kwake n'kumene kumauthandiza, pakuti kukumbukira kumazilala msanga m'masiku oyambirira, monga anaonetsera Hermann Ebbinghaus mu 1885, ndipo chinthu chimene chakumbutsidwa patapita nthawi chimakhazikika kuposa chimene chabwerezedwa nthawi yomweyo. Chotulukapo chikaoneka, musapitirire sabata, ndipo yesetsani kuti wothandizayo asayambe kumva nkhaniyo kwa anthu ena.

Njira yotumizira nayo ili ndi mbali yake. Uthenga wamba wa pa foni umalola zilembo 160 zokha pa uthenga umodzi, choncho wautali umadulidwa m'zigawo, ndipo foni ikadzaza umafufutidwa pamodzi ndi mauthenga a malonda. Pa WhatsApp umakwana wonse, koma umakwiririka msanga pansi pa macheza atsopano, ndipo foni ikabedwa kapena kuwonongeka ukhoza kupita nayo. Pepala lolembedwa pamanja limalowa m'Baibulo kapena m'chikwama cha zikalata, ndipo munthu amakumana nalo mobwerezabwereza popanda kulifuna, kumene kuli kukumbutsidwa kwaulere. Kwa agogo amene maso atha kapena sawerenga, jambulani mawu, kapena koposa pitani nokha, mukhale pansi mwaulemu n'kunena zitatu zomwezo pakamwa, motsatana momwemo. Wolemba pa pepala asaiwale kulemba pamwamba tsiku limene walembera, chifukwa pakapita zaka mawu akuti "zotsatira zatuluka" adzafuna nthawi yake.

Zimene zimawononga uthenga wabwino

Cholakwa chachikulu ndi kumata pempho latsopano kumapeto. Mtsikana uja akangowonjezera kuti "tsopano pakufunika ndalama za ku koleji", zonse zimene walemba pamwamba zimasanduka nyambo, ndipo amalumewo adzakumbukira pempholo m'malo mwa kuthokoza. Choipa kwambiri n'chakuti mauthenga ake othokoza a m'tsogolo adzawerengedwa mokayikira, munthu akuthamangira kumapeto kuti aone chimene chikufunidwa. Ngati pempho lilipo, lidikire tsiku lina, ndipo libwere poyera monga pempho.

Chachiwiri ndi kuika uthenga watsatanetsatane pa gulu la banja popanda kufunsa. Mphamvu ya uthenga wotere ndi yomweyo imene ingapweteke, chifukwa umaulula. Mwina amalume anathandiza mwakachetechete pofuna kuti abale ena asadandaule kuti ana awo sanaguliridwe kanthu, mwina sanafune kuti umphawi wa mlongo wawo udziwike, mwinanso nkhaniyo ikukhudza matenda kapena ngongole ya munthu wachitatu. Tumizani kwa mwini wake yekha. Ngati mukufuna kuthokozanso pa gulu, lembani mwachidule mosatchula ndalama kapena matenda, ndipo muyambe mwawafunsa.

Pomaliza pa zolakwazi pali kuchulutsa. Munthu akamva kuti tsatanetsatane amathandiza, amatha kulemba masiku asanu, mitengo ya chinthu chilichonse ndi mayina a masitolo onse, mpaka kanthu kamodzi kaja kamene kanayenera kuwala kamamira pakati pa zinzake. Tsiku limodzi, malo amodzi kapena awiri, kanthu kamodzi kakang'ono ndi chotulukapo chimodzi n'zokwanira.

Mudzadziwa bwanji kuti uthenga wafika pamene munafuna? Onani yankho. Uthenga wa "zikomo pa zonse" umayankhidwa ndi "palibe kanthu" kapena kachithunzi ka manja opemphera, ndipo nkhani imathera pomwepo. Koma uthenga umene wadzutsa chochitika umayankhidwa ndi chidutswa china cha chochitika chomwecho, chimene inu simunalembe. Amalume akayankha kuti "ndikukumbuka, tinabisala mvula pa khonde la sitolo ija, ndipo minibasi yobwerera ku Mtendere inatichedwetsa mpaka mdima", ndiye kuti tsikulo aliona lonse kachiwiri. Akayankha mokonza kuti silinali Lachisanu koma Lachinayi, vomerezani popanda kutsutsana nawo ngakhale foni yanu ikusonyeza zina, ndipo muwafunse chimene akukumbukira cha tsikulo kuti apitirize kusimba.